Kuchotsa nodi mu mtengo wofiira ndi wakuda: tanthauzo la kuda kawiri

Funso

Aphunzitsi, ndine wophunzira wa sayansi ya makompyuta, ndipo kuika nodi mu mtengo wa redi-bulaki ndinakumvetsa popanda vuto lalikulu, koma pa kuchotsa ndasokonezeka kwambiri. Buku likunena kuti nodi imakhala yofiira kapena yakuda basi, kenako likuti nodi ina yasanduka dabulo bulaki. Kodi umenewu ndi mtundu wachitatu? Nanga n'chifukwa chiyani nthawi zonse timayang'ana m'bale wa nodiyo ndi ana ake? Ndayesa kuloweza mikhalidwe yonse pamtima, koma pakapita masiku awiri ndimakhala nditaiwala.

Yankho

Kuda kawiri, kumene buku lanu likukutcha dabulo bulaki, si mtundu wachitatu, ndipo m'mapulogalamu ambiri amene mungawerenge simudzapeza malo alionse pamene mtundu woterewu wasungidwa. Ndi njira chabe yosungira chiwerengero m'mutu pa kanthawi kamene mtengo wasokonekera. Ine ndikamaphunzitsa ndimakutchula kuti ngongole, chifukwa mawu amenewa amafotokoza bwino chimene chachitika: mbali ina ya mtengo yaperewera nodi imodzi yakuda, ndipo taika chizindikiro pa malo amodzi chotikumbutsa kuti pamenepa pali chobweza. Mukaigwira mfundo imeneyi simudzavutikanso kuloweza, chifukwa mkhalidwe uliwonse mudzatha kuupeza nokha ndi pensulo ndi pepala.

M'mabuku malamulo a mtengowu amalembedwa asanu, koma pa nkhani ya kuchotsa awiri ndiwo amene atigwire. Loyamba limati nodi yofiira singakhale ndi mwana wofiira. Lachiwiri limati mukaima pa nodi iliyonse n'kutsika mpaka pansi pa `NIL`, njira zonse zimene mungadzere ziyenera kudutsa manodi akuda ochuluka mofanana. `NIL` weniweniyo, amene ndi malo opanda kanthu kunsi kwa mtengo, timamutenga ngati wakuda, ndipo muzu nawonso umakhala wakuda. Malamulo awiriwa ndiwo amachititsa kuti njira yaitali kwambiri isapose kawiri njira yaifupi kwambiri, kotero kuti msinkhu wa mtengo wa manodi `n` sungapitirire `2·log2(n+1)`, ndipo mtengo wa manodi 1,000,000 sufika masitepe 40 kuchokera pa muzu mpaka pansi. Kuika nodi kunakuphwekerani chifukwa nodi yatsopano imalowa ili yofiira, ndiye lamulo limene lingasweke ndi loyamba, ndipo kusweka kwake kumaoneka ndi maso: zofiira ziwiri zatsatana. Kuchotsa kumaswa lamulo lachiwiri, limene kusweka kwake sikuoneka pa nodi iliyonse payokha, koma m'chiwerengero cha njira yonse. Dzina la kuda kawiri linabwera kuti kusweka kosaonekako kukhale ndi malo ake oti n'kuwaloza.

Tiyeni tigwiritse ntchito mtengo uwu, mmene `K` akuimira nodi yakuda ndipo `F` akuimira yofiira.

```
            40K
        /         \
     20K           60K
    /   \         /   \
  10K   30K    50F     70K
              /   \
            45K   55K
```

Werengani njira iliyonse popanda kuwerengera `NIL`, mupeza manodi akuda 3. Njira ya 40, 20, 10 ili ndi 3, ndipo njira ya 40, 60, 50, 45 ilinso ndi 3 chifukwa 50 ndi yofiira.

Chinthu choyamba chimene chimasocheretsa ophunzira ambiri chimabwera tisanafike n'komwe pa mitundu, ndipo n'chakuti nodi imene mwauzidwa kuchotsa si nthawi zonse imene imachoka pa malo pake. Ngati mukufuna kuchotsa 40, imene ili ndi ana awiri, simungasiye dzenje pamenepo, choncho mumafunafuna mlowam'malo wake, amene ndi nambala yaing'ono kwambiri ya mbali ya kumanja. Mumapita kumanja kamodzi pa 60, kenako kumanzere mpaka njira itatha, ndipo mumafika pa 45. Nambala 45 imakwera kukakhala pamene panali 40 n'kutenga mtundu wa malowo, ndipo malo amene akutsala opanda mwini ndi aja a pansi pamene panali 45. Choncho mtundu umene mtengo wataya ndi wa 45, osati wa 40. Mlowam'malo sakhala ndi mwana wa kumanzere, apo ayi sakanakhala wamng'ono kwambiri, ndiye kuchotsa kulikonse kumathera pa nodi imene ili ndi mwana mmodzi kapena yopanda mwana.

Pamenepa zotheka n'zochepa kuposa mmene anthu amaganizira. Ngati nodi yochokayo ndi yofiira, ilibe mwana aliyense, ndipo mumangoichotsa osakhudza china, popeza palibe njira imene yataya nodi yakuda. Ngati ili ndi mwana mmodzi, ndiye kuti iyo ndi yakuda ndipo mwanayo ndi wofiira, ndipo izi sizochitika mwangozi: mbali imene kuli `NIL` ilibe nodi yakuda, choncho mbali inayo singakhalenso ndi nodi yakuda, ndipo chimene chingakhale kumeneko ndi nodi imodzi yofiira, imene kholo lake liyenera kukhala lakuda. Mumachotsa kholo, mwana amakwera pa malo pake, mumamusandutsa wakuda, ndipo chiwerengero chimabwerera mwakale nthawi yomweyo. Chotsala n'chimodzi chokha, nodi yakuda yopanda mwana aliyense, ndipo kuda kawiri kumabadwira pomwepa, palibenso kwina.

Chotsani 10 mu mtengo wathu. Kumanzere kwa 20 tsopano kuli `NIL`, ndipo njira yofika kumeneko ili ndi manodi akuda 2 okha, 40 ndi 20, pamene njira zina zonse zili ndi 3. Palibe nodi yofiira pamalopo yoti tiisandutse yakuda. Ndiye timagwirizana kuti malo amenewa, amene tiwatche `x`, tiziwawerenga ngati ali ndi kuda kumodzi koonjezera, kotero kuti papepala chiwerengero chikuoneka chokwana, koma tikudziwa kuti kuda koonjezerako n'kwa ngongole. Tanthauzo lake lonse ndi ili: njira iliyonse yodutsa pa `x` yaperewera nodi imodzi yakuda poyerekeza ndi njira zimene sizidutsa pa `x`, ndipo kupatula pamenepo mtengo wonse uli bwino. Mukatsegula fayilo ya `lib/rbtree.c` ya Linux mudzapeza kuti ndemanga ya pa ntchito yokonza mtengo pambuyo pochotsa ikufotokoza mfundo yomweyi ya kuperewera kwa nodi imodzi yakuda, ndipo mtundu wachitatu mulibemo.

Nodi yakuda sitingaipange kuchokera pachabe, chifukwa kusandutsa kholo kapena nodi ina ya pamwamba kukhala yakuda kumaonjezera mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo kusiyana kumatsala momwemo. Kusiyanaku kuli pakati pa `x` ndi m'bale wake, amene tim'tche `w`, popeza awiriwa ndiwo ali pansi pa kholo limodzi ndipo lamulo limafuna kuti mbali zawo zifanane. Njira zowafananitsa n'ziwiri zokha. Mwina titenge nodi kuchokera ku mbali ya m'bale n'kuibweretsa ku mbali ya `x`, kapena tichepetse mbali ya m'bale kuti nayonso iperewere mofanana. Kutenga kumatheka pokhapokha ngati ku mbali ya m'bale kuli nodi yofiira pafupi, chifukwa nodi yofiira ili ngati chosungira: siiwerengedwa panopa, koma ikhoza kusandutsidwa yakuda kuti itseke malo a imene yatengedwa. N'chifukwa chake timayang'ana m'bale ndi ana ake, pofuna kudziwa ngati kumeneko kuli chofiira choti tibwereke.

Mu chitsanzo chathu `w` ndi 30, ndi wakuda, ndipo ana ake onse ndi `NIL`, kutanthauza kuti ndi akuda. Chobwereka palibe. Tichepetsa mbali yake pom'sandutsa 30 kukhala wofiira, ndipo tsopano pansi pa 20 mbali zonse ziwiri zafanana, chifukwa njira ya kumanzere ilibe nodi yakuda ndipo ya kumanja, yodutsa pa 30 wofiirayo, ilibenso. Onani kuti zimenezi tazichita popanda mantha chifukwa ana a 30 ndi akuda. Akanakhala kuti mmodzi ndi wofiira, tikanaswa lamulo loyamba. Koma ngongole siinathe, yangosamuka. Njira zonse zodutsa pa 20 zili ndi manodi akuda 2 pamene zodutsa pa 60 zili ndi 3, ndiye amene wasenza ngongole tsopano ndi 20, ndipo `x` wakwera sitepe imodzi.

```
            40K
        /         \
   x=20K           60K
        \         /   \
        30F    50F     70K
              /   \
            45K   55K
```

20 akanakhala wofiira, tikanangom'sandutsa wakuda ndipo nkhani ikanathera pomwepo, chifukwa nodi yofiira ikalandira ngongole ili ndi chobwezera. Koma 20 ndi wakuda kale, ndipo apa ndi pamene mawu akuti kuda kawiri akumveka bwino kwambiri: nodi imodzi ikuwerengedwa ngati manodi akuda awiri, kuda kwake kwenikweni ndi kuda kwa ngongole. Mu pulogalamu mtundu wa 20 sunasinthe ngakhale pang'ono. Chimene chasintha n'chakuti poyinta `x` ikuloza pa iye, ndipo lupu ya `while x != root and x.color == BLACK` ikupitirira.

Tisanapitirize ndi chitsanzocho, ndikufuna muone kaye mkhalidwe umene timaufunitsitsa, chifukwa ina yonseyo ndi njira zofikira pa umenewu. Tiyerekeze kuti `x` ali kumanzere, m'bale wake `w` ndi wakuda, ndipo mwana wa `w` wa kutali ndi `x`, amene ndi wa kumanja, ndi wofiira. Timatembenuza mtengo pa kholo kulowera kumanzere, chimene mabuku amachitcha rotesheni: `w` amakwera kukhala pa malo a kholo, kholo limatsikira ku mbali ya `x`, ndipo mwana wa `w` wa pafupi ndi `x` amaperekedwa kwa kholo lotsikalo kuti akhale mwana wake wa kumanja. Kenako `w` amatenga mtundu umene kholo linali nawo, kholo limasanduka lakuda, ndipo mwana wa kutali uja amasandukanso wakuda.

Musakhulupirire zimenezi chifukwa zalembedwa m'buku, werengani njira zitatu zimene zakhudzidwa. Njira yopita kwa `x` poyamba inkadutsa pa kholo lokha, koma tsopano ikudutsa pa `w`, amene wavala mtundu wa kholo, ndiponso pa kholo lakuda, ndiye yapindula nodi imodzi yakuda, imene ndi ngongole ija. Njira yopita kwa mwana wa pafupi poyamba inkadutsa pa kholo ndi pa `w` wakuda, tsopano ikudutsa pa `w` wa mtundu wa kholo ndi pa kholo lakuda, ndiye siinasinthe. Njira yopita kwa mwana wa kutali ndiyo yataya, chifukwa poyamba inkadutsa pa kholo ndi pa `w` wakuda, koma tsopano ikudutsa pa `w` yekha. Kutaya kumeneku timakutseka posandutsa mwanayo kukhala wakuda, ndipo zimenezi zikutheka chifukwa chakuti anali wofiira. Akanakhala wakuda kale, tikanangosamutsa ngongole kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ichi ndicho chifukwa chake mwana wa kutali ndiye wofunika, osati wa pafupi, ndipo wophunzira amene wawerengapo njira zitatuzi kamodzi ndi dzanja lake sasokonezanso awiriwa. Onaninso kuti mtundu wa kholo sunativute, popeza pamwamba pa kagawo kameneka pabwerera mtundu womwe unalipo, ndiye manodi a kumtunda saona kusintha kulikonse ndipo ntchito imathera pomwepo.

Tibwerere ku mtengo wathu. `x` ndi 20, kholo ndi 40, m'bale ndi 60 amene ndi wakuda, mwana wake wa kutali 70 ndi wakuda, koma wa pafupi 50 ndi wofiira. Chobwereka chilipo, koma chili ku mbali yolakwika. Timatembenuza pa 60 kulowera kumanja ndi kusinthanitsa mitundu, kotero kuti 50 akukwera n'kukhala wakuda, 60 akutsika n'kukhala wofiira, ndipo 55 akuperekedwa kwa 60.

```
            40K
        /         \
   x=20K           50K
        \         /   \
        30F    45K     60F
                      /   \
                    55K   70K
```

Sitepe imeneyi siinabweze kalikonse. Njira za kumanja zidakali ndi manodi akuda 3 ndipo za pa 20 zidakali ndi 2. Chimene tapeza n'chakuti m'bale watsopano wa `x` ndi 50, wakuda, ndipo mwana wake wa kutali, 60, ndi wofiira, umene ndi mkhalidwe uja tinkaufuna. Tsopano titembenuza pa 40 kulowera kumanzere. 50 akukwera n'kutenga mtundu wa 40, umene ndi wakuda, 40 akutsikira kumanzere ali wakuda n'kulandira 45 ngati mwana wake wa kumanja, ndipo 60 akusanduka wakuda.

```
            50K
        /         \
     40K           60K
    /   \         /   \
  20K   45K    55K     70K
     \
     30F
```

Njira ya 50, 40, 20 ili ndi 3, ndipo kupitirira mpaka pa 30 sikuonjezera kanthu chifukwa ndi wofiira. Njira ya 50, 40, 45 ili ndi 3, ya 50, 60, 55 ili ndi 3, ya 50, 60, 70 ili ndi 3. Manambala akuwerengekabe mwadongosolo kuchokera kumanzere kupita kumanja, 20, 30, 40, 45, 50, 55, 60, 70, ndipo palibenso nodi imene ikuwerengedwa kawiri.

Mkhalidwe umodzi sitinakumane nawo, ndi wa m'bale wofiira. M'bale wofiira sitingam'chepetse chifukwa alibe kuda koti tim'chotsere, komanso chiwerengero cha njira zitatu chija chinadalira pa `w` wakuda. Koma m'bale wofiira amatiuza zinthu ziwiri motsimikiza, kuti kholo ndi lakuda ndiponso kuti ana ake onse ndi akuda. Tengani mtengo waung'ono uwu n'kuchotsa 10.

```
      20K
     /   \
  10K     30F
         /   \
       25K   40K
```

`x` ndi `NIL` wa kumanzere kwa 20 ndipo m'bale wake ndi 30, wofiira. Timasinthanitsa mitundu ya kholo ndi m'bale, 30 akhala wakuda ndipo 20 akhala wofiira, n'kutembenuza pa 20 kulowera kumanzere. Tsopano 30 ndiye muzu, 40 ali kumanja kwake, 20 ali kumanzere kwake, ndipo 25 wakhala mwana wa kumanja wa 20. Chiwerengero cha njira iliyonse chili monga chinalili, ngongole idakali pa `x`, koma m'bale wa `x` tsopano ndi 25, amene ndi wakuda. Ana a 25 ndi `NIL`, ndiye chobwereka palibe, choncho 25 asanduka wofiira ndipo ngongole ikwera kwa 20. Koma 20 tam'sandutsa wofiira posachedwapa, ndiye lupu iima, 20 asanduka wakuda, ndipo njira zonse zili ndi manodi akuda 2.

Chitsanzo chimenechi chikuonetsanso chifukwa chake kuchotsa sikufuna marotesheni oposa 3, ngakhale mtengo utakula bwanji. Mkhalidwe wa m'bale wofiira umasiya kholo lili lofiira, ndiye ngati wotsatira wake ndi wokweza ngongole, ngongoleyo imafikira pa nodi yofiira n'kutha pomwepo. Mkhalidwe wa mwana wa pafupi umalowa molunjika mu wa mwana wa kutali, ndipo wa mwana wa kutali umamaliza ntchito. Njira yaitali kwambiri ya marotesheni ndi m'bale wofiira, kenako mwana wa pafupi, kenako mwana wa kutali, aliyense ndi rotesheni imodzi. Mkhalidwe wokhawo umene ungabwerezedwe kambirimbiri ndi wokweza ngongole pamene kholo, m'bale ndi ana a m'bale onse ndi akuda, ndipo umenewu sutembenuza kanthu, umangosintha mtundu wa nodi imodzi n'kukwera sitepe imodzi. Ukakwera mpaka pa muzu, ngongole imangofafanizidwa, ndipo palibe chinyengo pamenepo: njira zonse za mtengo zimadutsa pa muzu, ndiye zonse zaperewera mofanana, ndipo lamulo silinena kuti chiwerengero chikhale chakutichakuti, limangofuna kuti chifanane. Mtengo wa manodi atatu akuda, 20 pamwamba ndi ana ake 10 ndi 30, ukachotsedwa 10 umatsala ndi 20 wakuda ndi 30 wofiira, ndipo chiwerengero cha mtengo wonse chimatsika kuchoka pa 2 kufika pa 1.

Pali njira ina yoonera zonsezi imene ine ndimaiona kuti ndiyo yozama, ndipo imachokera ku mbiri ya mtengowu. Rudolf Bayer anaufotokoza koyamba mu 1972 ngati njira yolembera mtengo wa mtundu wa B pogwiritsa ntchito manodi a ana awiri, ndipo mitundu yofiira ndi yakuda inabwera mu 1978 ndi Leonidas Guibas ndi Robert Sedgewick. Mukatenga nodi yakuda iliyonse pamodzi ndi ana ake ofiira n'kuwaona ngati bokosi limodzi, mumapeza mtengo wa 2-3-4, mmene bokosi lililonse limasunga nambala imodzi, ziwiri kapena zitatu, ndipo mabokosi onse a pansi ali pa mlingo umodzi. Nodi yakuda yopanda mwana wofiira ndi bokosi la nambala imodzi, ndipo mukaichotsa bokosilo limatsala lopanda kanthu. Kuda kawiri ndi bokosi lopanda kanthu limeneli. Ngati bokosi loyandikana nalo lili ndi nambala yoposa imodzi, kutanthauza kuti m'bale ali ndi mwana wofiira, mumabwereka kudzera mwa kholo. Ngati lili ndi imodzi yokha, mumaphatikiza mabokosi awiriwo n'kutsitsa nambala imodzi kuchokera mu bokosi la kholo, ndipo ngati nalonso linali ndi imodzi yokha, limatsala lopanda kanthu ndipo vuto limakwera. M'bale wofiira si bokosi loyandikana nalo n'komwe, ndi nambala ya mu bokosi la kholo, ndiye rotesheni ija imangotiululira mnansi weniweni.

Mukayamba kulemba pulogalamu, vuto loyamba limene mudzakumane nalo ndi lakuti `x` woyamba ndi `NIL`, pamene ntchito yokonza imafuna kudziwa kholo lake ndi m'bale wake. Buku la Cormen, Leiserson, Rivest ndi Stein limathana ndi zimenezi pogwiritsa ntchito nodi yeniyeni imodzi yotchedwa `T.nil`, yakuda, imene poyinta yake ya kholo imalembedwa pa nthawi yochotsa. Munthu akakopera ndondomeko ya bukulo koma n'kuika `NULL` kapena `None` m'malo mwa `T.nil`, pulogalamu imagwa ikamachotsa nodi yopanda ana. Linux imapereka kholo padera kwa ntchito yokonzayo. `TreeMap` ya Java imachita mwina: imasiya nodi yochokayo pa malo pake, imaitana `fixAfterDeletion` ngati kuti nodiyo ndiyo `x`, ndipo imaidula pambuyo pake. Kwa munthu amene akulemba koyamba, njira ya Java ndiyo ndimaikonda, chifukwa `x` amakhala nodi yeniyeni nthawi zonse ndipo mutha kuisindikiza n'kuiona.

Zolakwika zina sizigwetsa pulogalamu, ndipo n'zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri. Ine ndinakhalapo madzulo awiri athunthu ndi pulogalamu imene inkapeza nambala iliyonse molondola, koma mtengo wake unkapendekeka pang'onopang'ono, ndipo chifukwa chake chinali chakuti mu theka lachiwiri la ndondomeko, la `x` amene ali kumanja, ndinaiwala kusintha `left` mmodzi kukhala `right`, kotero kuti mwana wa pafupi ankatengedwa ngati wa kutali. Zonse zimene ndafotokoza pamwambapa zili ndi chithunzi chake cha pagalasi, ndipo n'chifukwa chake ndalankhula za mwana wa pafupi ndi wa kutali m'malo mwa kumanzere ndi kumanja. Cholakwika china chofala ndicho kuyang'ana mtundu wa nodi imene munauzidwa kuchotsa m'malo mwa mtundu wa mlowam'malo, ndipo chinanso ndicho kupitiriza kugwiritsa ntchito `w` wakale pambuyo pa rotesheni, pamene m'bale wa `x` wasintha kale, monga tinaonera 60 akusiyira malo 50, ndi 30 akusiyira malo 25.

Chizindikiro chimodzi n'chothandiza kwambiri pofufuza zolakwika zoterezi. Pa nthawi ya kuda kawiri m'bale sangakhale `NIL`, chifukwa mbali ya `x` inali ndi nodi yakuda imodzi kapena kuposa, ndiye mbali ya m'bale iyenera kukhalanso nayo. Mukapeza `w` ali `NIL`, musaike `if` wongolambalala vutolo, chifukwa zikutanthauza kuti mtengo unasweka kale pa ntchito ina ya m'mbuyo. Njira yopezera ntchito imeneyo ndi kuyesa malamulo awiri aja pambuyo pa kuika kulikonse ndi kuchotsa kulikonse.

```python
def check(n):
    if n is None:
        return 0
    a, b = check(n.left), check(n.right)
    assert a == b, n.key
    if n.red:
        assert not (n.left and n.left.red), n.key
        assert not (n.right and n.right.red), n.key
    return a + (0 if n.red else 1)
```

Ikani manambala kuyambira 1 mpaka 1,000 mosakaniza, kenako muwachotse mosakanizanso, mukuitana `check` pa muzu pambuyo pa sitepe iliyonse ndi kutsimikiza kuti muzuwo ndi wakuda. Ikagwa, chepetsani manambalawo mpaka mutapeza mtengo waung'ono kwambiri umene ukugwabe, ndipo muusindikize usanachotsedwe nodi ndiponso utachotsedwa. Nambala imene `assert a == b` yaonetsa ndi ya nodi imene mbali zake ziwiri zasiyana. Jambulani kagawo ka mtengo ka pansi pa nodi imeneyo, lembani chiwerengero cha manodi akuda pa njira iliyonse monga tinachitira ndi 40, 20 ndi 60, ndipo mbali imene yaperewera idzakuonetsani sitepe imene ngongole inasiyidwa osabwezedwa.